Kugawa mafunso ndi malikisi pa pepala la jogalafe la maola awiri

Pepala la mayeso limayambira pa wotchi, osati pa mafunso. Aphunzitsi ambiri akakhala pansi kuti akonze mayeso a kumapeto kwa chaka amatsegula buku, n'kumatola mafunso amene akuwasangalatsa, kenaka n'kuwonkhetsa malikisi mpaka afike pa 100. Pepala lotero limaoneka labwino lili pa desiki, koma tsiku la mayeso woyang'anira akamati "ikani zolembera pansi" theka la kalasi limakhala lisanaone n'komwe funso lomaliza. Apa tiyenda ndi chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: pepala la jogalafe la Fomu 3 la teremu yachitatu, la maola awiri, lokonzedwa pasukulu pomwepo. Mayesowo ana amalemba m'Chingerezi, koma mafunso azitsanzo ndawalemba m'Chichewa kuti tizimvana.

Choyamba: chotsani mphindi zomwe si zolembera

Maola awiri ndi mphindi 120, koma mwana salemba mphindi zonsezo. Mphindi 10 zoyamba zimathera polemba dzina, kuwerenga malangizo, kutambasula mapu ndi kuyang'ana mafunso a chimangirizo kuti adziwe lomwe adzasankhe. Mphindi 10 zomaliza muzisiyire kuti abwerere pomwe anadumpha. Zotsala ndi mphindi 100, ndipo mukaika pepala lanu pa malikisi 100 ndiye kuti mwapeza muyeso wosavuta: mphindi imodzi, malikisi amodzi.

Muyeso umenewu ndi wa pepala lonse pamodzi. Mukaugwiritsa ntchito pa funso lililonse mofanana mudzalakwa, chifukwa mafunso a jogalafe sadya nthawi mofanana. Funso losankha yankho mwana amaliyankha pasanathe mphindi. Funso la mapu limafuna kuti apeze malowo, aike rula, ayeze, awerengere, ndiyeno alembe, ndipo malikisi awiri okha angamudyere mphindi zitatu kapena zinayi. Choncho gawo lililonse lipatseni nambala ziwiri, ya malikisi ndi ya mphindi. Pa pepala lathuli kagawidwe kake ndi aka:

Gawo A, mafunso osankha yankho: malikisi 20, mphindi 15.
Gawo B, ntchito ya pamapu: malikisi 20, mphindi 30.
Gawo C, mafunso anayi a mayankho afupiafupi: malikisi 40, mphindi 35.
Gawo D, chimangirizo chimodzi: malikisi 20, mphindi 20.

Mphindi zisanu zomwe Gawo A lapulumutsa ndi zisanu zomwe Gawo C lapulumutsa ndi zimene zapita ku mapu. Mukafuna kuwonjezera malikisi a mapu kuti afike pa 30, dziwani kuti mukupempha mphindi 45, ndipo muyenera kunena komwe mphindi 15 zowonjezerazo zichokere. Mphindizi zilembeninso pa pepala la mayeso lenilenilo, pansi pa mutu wa gawo lililonse, kuti mwana adziwe nthawi yosiyira mapu.

Chachiwiri: gawani malikisi molingana ndi zimene munaphunzitsadi

Musatenge sikimu yomwe munalemba kumayambiriro kwa chaka. Tengani buku lomwe mumalembamo ntchito yomwe yachitikadi, chifukwa mutu womwe sikimu inaupatsa masabata anayi mwina munaudutsa pa sabata imodzi chifukwa cha masewero, maliro kapena mvula yomwe inadula mlatho. Tinene kuti chaka chino mwaphunzitsa masabata 30 motere: mapu masabata 6, maonekedwe a nthaka monga mapiri, zigwa ndi ntchito ya mitsinje masabata 6, nyengo masabata 6, madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje masabata 3, chiwerengero cha anthu ndi malo okhala masabata 6, ulimi ndi mafakitale masabata 3. Mutu wa masabata 6 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a chaka, ndiye uyenera malikisi 20. Wa masabata 3 uyenera malikisi 10.

Tsopano jambulani tebulo, mitu kumanzere, magawo anayi a pepala pamwamba. Mapu atenga Gawo B lonse. Mu Gawo C, funso limodzi la malikisi 10 lipite ku maonekedwe a nthaka, lina ku nyengo, lina ku madzi, lina ku ulimi. Chimangirizo chichokere pa mutu wa anthu ndi malo okhala. Gawo A ndi lomwe muzigwiritsa ntchito podzaza mipata: mafunso 6 a maonekedwe a nthaka, 6 a nyengo, 2 a madzi, 4 a anthu ndi 2 a ulimi.

Mukawonkhetsa mupeza kuti manambala sanagwe ndendende pomwe munafuna. Maonekedwe a nthaka apeza 16 m'malo mwa 20, nyengo 16, madzi 12, ulimi 12, anthu 24. Zisakudetseni nkhawa. Kusiyana kwa malikisi anayi n'kovomerezeka, komanso mafunso a mapu amakhudza kale zigwa ndi zitunda. Mwina mungafunse chifukwa chomwe mutu wa anthu wapatsidwira mafunso 4 mu Gawo A pomwe uli kale ndi malikisi 20 m'chimangirizo. Ndachita dala. Mutu ukangopezeka m'chimangirizo mokha, mwana wodziwa nkhaniyo koma wosatha kulemba Chingerezi chotalika amaoneka ngati sanaphunzire kalikonse pa mutuwo, ndipo inu simudzadziwa ngati vuto lake ndi jogalafe kapena ndi chilankhulo.

Chachitatu: onani kulemera kwa mafunso

Pepala likhoza kukhudza mitu yonse koma n'kukhala la kuloweza lokhalokha. Funso lililonse lomwe mwakonza liikeni m'gulu limodzi mwa magulu atatu. Pali lofuna kukumbukira, monga "tchulani" kapena "kodi mawu akuti ... akutanthauza chiyani". Pali lofuna kugwiritsa ntchito luso, monga kuyeza, kuwerengera, kuwerenga girafu kapena kujambula. Ndipo pali lofuna kulingalira, monga "longosolani chifukwa", "yerekezani" kapena "perekani umboni". Pa kalasi ya Fomu 3 ine ndimakonda malikisi 30 a kukumbukira, 45 a luso ndi 25 a kulingalira.

Chifukwa chake n'chakuti malikisi 30 aja ndi omwe amagwira mwana wapansi yemwe anawerenga, kuti asatuluke ndi 8 pa 100, nambala yomwe siuza inu kapena kholo chilichonse. Malikisi 25 a kulingalira ndi omwe amasiyanitsa ana anu abwino kwambiri, omwe akanapanda kutero onse akanaunjikana pa 85. Ndipo luso likutenga gawo lalikulu chifukwa phunziroli ndi la mapu, matebulo ndi zithunzi. Mwana amene akulowa Fomu 4 asakutha kuyeza mtunda pamapu adzakumana nazo pa mayeso a MANEB, ndipo ndi bwino inu mudziwe lero.

Gawo A: osapitirira mafunso 20

Mafunso osankha yankho ndi okoma pochonga, ndiye chiyeso chimakhalapo choti muwachulukitse. Koma funso la mayankho anayi mwana angalikhoze mongolotera kamodzi pa kanayi. Pa mafunso 20 ndiye kuti malikisi 5 ndi aulere. Mukaika mafunso 40 mwapereka malikisi 10 kwa aliyense wotha kujambula chilembo. Komanso m'chipinda momwe ana akhala atatu pa desiki, chilembo B chimaoneka patali kuposa ndime.

Mwa mafunso 20 amenewa, 12 akhale a kukumbukira ndipo 8 akhale ofuna kuti mwana ayang'ane chinachake, monga chithunzi cha mtsinje wokhotakhota kapena kagirafu kakang'ono. Ntchito yeniyeni ili pa mayankho atatu olakwika aja. Mukafunsa dzina la mphepo yomwe imabweretsa mitambo ndi mvula yowaza ku Thyolo ndi ku Mulanje m'nyengo yozizira, yankho ndi chiperoni, ndipo mayankho ena akhale mayina a mphepo zomwe mwanayo anamvapo m'kalasi, monga mwera ndi mpoto. Mukaikapo dzina la phiri kapena la mtsinje, mwana alichotsa asanaganize, ndipo funso la mayankho anayi lasanduka la mayankho atatu. Mukamaliza, werengani kuti A, B, C ndi D akupezeka kangati. Dzanja la mphunzitsi limakonda kubisa yankho pa C, ndipo ana amazindikira msanga.

Gawo B: mapu, pomwe mapepala ambiri amagwera

Apa m'pofunika kukhalapo nthawi. Tengani chidutswa cha mapu a sikelo ya 1:50,000, momwe masentimita 2 pamapu ndi kilomita imodzi pansi, ndipo bokosi lililonse la giridi ndi masentimita 2 mbali zonse. Sankhani dera lokhala ndi msewu, mtsinje, phiri ndi midzi, kuti mapu amodzi akwanire mafunso onse. Malikisi 20 aja agaweni chonchi.

Yambani ndi funso lofewa la malikisi 2: atchule zinthu ziwiri zopezeka m'bokosi lomwe mwapereka ndi manambala anayi. Funsoli limamukhazika mwana pansi ndipo limamukumbutsa kuti poyamba amawerenga manambala opita kummawa, kenaka opita kumpoto. Lotsatira, la malikisi 2, apereke manambala asanu ndi imodzi a malo amodzi, monga tchalitchi kapena mlatho. Sankhani chinthu chomwe chili chokha. Mukanena kuti "sukulu" pomwe m'deralo muli masukulu awiri, mwadziputira mkangano pochonga.

Funso la mtunda likhale la malikisi 3. Tinene kuti msewu wochoka pa mlatho kukafika pa mphambano, mukauyeza ndi ulusi kapena m'mphepete mwa pepala, ndi masentimita 8.4. Mwana apeze malikisi amodzi pa muyesowo, amodzi pa njira yogawa ndi 2, ndi amodzi pa yankho la makilomita 4.2 lokhala ndi muyeso wake. Msewu wokhota anthu awiri sauyeza mofanana, choncho lembani m'ndondomeko yochongera kuti mulandira kuyambira 4.1 mpaka 4.3. Mukapanda kulemba zimenezi musanayambe kuchonga, mapepala oyamba mudzawachonga mouma mtima ndipo omaliza mofewa. Kenaka funso la malikisi 2 la madigiri ochoka pa malo ena kuloza pa ena, ndi kulolera madigiri awiri uku ndi uku. Funso limeneli liikeni pokhapokha ngati mukutsimikiza kuti mwana aliyense adzakhala ndi pulotilakita. Ngati mulibe, funsani mbali ya kampasi basi.

Funso la kupendekeka kwa malo ndi la malikisi 4. Malo awiri asiyane kutalika ndi mamita 200, ndipo mtunda pakati pawo ukhale makilomita 4. Mwana asandutse makilomita kukhala mamita 4,000, agawe, apeze 1 pa 20. Malikisi agwe pa kusiyana kwa kutalika, pa mtunda, pa njira ndi pa yankho. Onetsetsani miyeso yolembedwa pansi pa mapu anu, chifukwa mapu ena akale makontuwa ake ali m'mafiti, ndipo mukapanda kuona mudzakhala mwawonjezera ntchito yosandutsa yomwe simunaipatse malikisi kapena nthawi. Musamange funsoli pa yankho la funso la mtunda lija. Mwana akalakwa poyeza msewu n'kulakwanso apa chifukwa cha nambala yomweyo, mwamulanga kawiri pa cholakwa chimodzi. Ngati simungachitire mwina, lembani m'ndondomeko kuti njira yolondola pa nambala yolakwika ilandira malikisi a njira.

Kujambula maonekedwe a malo ngati awadula pakati ndi luso lofunika, koma limadya nthawi koopsa. Mwana akayamba yekha kujambula mizere, kusankha sikelo ndi kulemba manambala m'mbali, mphindi 15 zapita pa malikisi 4. Njira yake ndi kusindikiza bokosilo kale, mizere ndi manambala zilipo, theka la mzere wa nthaka mwajambula inu, iye angomaliza theka linalo ndi kuonetsa pomwe pali mtsinje ndi msewu. Luso lomwe mukufuna kuona ndi lowerenga makontuwa, ndipo likuoneka mokwanira pa theka.

Tsekani gawoli ndi funso la kulingalira la malikisi 3: pogwiritsa ntchito umboni wa pamapu, alongosole chifukwa chomwe kulibe midzi kudera lina. Mawu akuti "umboni wa pamapu" ndi ofunika. Popanda iwo mwana adzalemba zomwe analoweza zokhudza nthaka yosabereka, pomwe inu mumafuna kuti aone dambo kapena makontuwa othithikana.

Pali ngozi imodzi yomwe siili m'mafunso koma ili pa makina a fotokope. Wojambula akachepetsa mapu kuti akwane pa pepala la A4, sikelo ya 1:50,000 yafa, ngakhale manambalawo akuonekabe pansi pake. Tengani pepala limodzi mwa omwe atuluka, yezani bokosi la giridi ndi rula. Ngati si masentimita 2, ajambulenso, kapena fufutani sikelo ya manambala n'kusiya ya mzere yokha, chifukwa imeneyo imachepa limodzi ndi mapu. Onaninso kuti pa fotokope yakuda mtsinje womwe unali wabuluu ndi kontuwa yomwe inali yofiirira zimasanduka mizere yofanana. Dutsitsani cholembera chakuda pa mitsinje ikuluikulu ndi kulembapo mayina musanakajambulitse, ndipo mayankho anu onse muwayeze pa fotokope, osati pa mapu enieni omwe ali mu ofesi.

Gawo C: funso lililonse likwere masitepe

Mafunso anayi a malikisi 10 onse amangidwe mofanana: malikisi 3 a kukumbukira, 4 a luso, 3 a kulingalira. Mwana wapansi amapeza poyambira pa funso lililonse, ndipo wanzeru amapeza pothera. Onse ayankhidwe, pasakhale kusankha.

Tione la nyengo. Gawo (a): tchulani zipangizo zitatu zopezeka pa malo oyezera nyengo, malikisi 3. Gawo (b): perekani tebulo la kutentha ndi mvula la miyezi 12 la malo amodzi, lotengedwa m'buku kapena mu atilasi, osati lopeka. Afunsidwe kusiyana kwa mwezi wotentha kwambiri ndi wozizira kwambiri, malikisi 2, ndiponso atchule miyezi ya mvula ndi kunena ngati malowo ali kumwera kapena kumpoto kwa ikweta, malikisi 2. Ngati tebulo likuonetsa madigiri 24 ndi 16, yankho ndi madigiri 8, ndipo malikisi amodzi ndi a kusankha manambala oyenera. Musapemphe kuti awonkhetse mvula ya miyezi yonse 12 ngati kalikuleta siloledwa, chifukwa pamenepo mukuyesa masamu ndipo mukuwononga mphindi zinayi. Gawo (c): longosolani chifukwa chomwe kummwera kwa phiri la Mulanje kumagwa mvula yambiri kuposa kuchigwa cha Shire, malikisi 3. Yankho lili ndi mfundo zitatu zolumikizana: mphepo ya chinyontho yochokera ku nyanja ya mchere ya India ikafika pa phiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ndipo nthunzi imasanduka mitambo ndi mvula. Mfundo zitatu, malikisi atatu.

Lamulo lake ndi limenelo pa pepala lonse: chiwerengero cha malikisi chiuze mwana kuchuluka kwa zomwe mukufuna. "Tchulani zitatu" ndi malikisi 3. "Longosolani ziwiri" ndi malikisi 4, amodzi pa mfundo ndi amodzi pa kuitambasula. Funso lakuti "fotokozani ubwino wa mtsinje wa Shire" la malikisi 5 silinena ngati mukufuna mfundo zisanu zongotchula kapena ziwiri zotambasula, ndipo wina adzalemba tsamba lonse la magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira n'kutha nthawi ya chimangirizo. Mizere yomwe mwasiya pansi pa funso nayonso imalankhula. Mizere iwiri pa malikisi amodzi ndi yokwanira.

Gawo D: chimangirizo chimodzi, mafunso awiri osankhapo

Chimangirizo chimodzi n'chokwanira pa maola awiri. Ganizani za inu eni: kalasi ya ana 120, mphindi zinayi pa chimangirizo chilichonse, ndi maola 8 a kuchonga gawo limodzi lokha, ndipo malipoti akufunika sukulu isanatseke. Zimangirizo ziwiri zimachititsa kuti mphunzitsi ayambe kuchonga poona kutalika kwa zolemba.

Perekani mafunso awiri, mwana asankhe limodzi, koma onse achokere pa mutu umodzi. Mukaika lina la anthu ndi lina la nyengo, tebulo lanu lija lasokonekera, chifukwa wosankha nyengo adzakhala ndi malikisi 36 a nyengo ndi 4 okha a anthu. Mafunso awiriwo amangidwenso mofanana, malikisi 4, 6 ndi 10. Loyamba lingakhale la kukwera kwa chiwerengero cha anthu. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 13 miliyoni m'Malawi ndipo wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Perekani manambalawa, mwana atanthauzire mawu awiri a pa mutuwu pa malikisi 4, afotokoze zifukwa zitatu za kukweraku pa malikisi 6, ndipo alongosole zotsatira zisanu pa nthaka, nkhalango ndi madzi pa malikisi 10. Lachiwiri likhale la kusamukira m'tauni, lokhala ndi masitepe omwewo, gawo lake lomaliza likufunsa chifukwa chomwe anthu amamangira m'malo oopsa ndi zotsatira zake. Mwana wa ku Blantyre yemwe akukumbukira matope omwe anatsika m'phiri la Soche pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ali ndi chitsanzo m'manja, ndipo ndondomeko yanu inene kuti chitsanzo cholondola cha malo chimawerengedwa ngati kutambasula mfundo. Ngati m'kalasimo muli ana omwe anataya abale pa ngoziyo, musaitchule m'funso. Siyani mwanayo asankhe yekha chitsanzo.

Nenaninso m'ndondomeko kuti Chingerezi chothyoka sichichotsetsa malikisi malinga ngati mfundo ikumveka. Mukachonga awiri kalasi imodzi, gwirizanani zimenezi musanagawane mapepala.

Chomaliza musanasindikize: lembani mayesowo nokha

Lembani ndondomeko yochongera tsiku lomwelo lomwe mwalemba mafunso. Funso lomwe inu mukulephera kuligawira malikisi mfundo ndi mfundo ndi funso lomwe silinapse. Kenaka khalani pansi ndi fotokope, rula, ulusi ndi wotchi, mulembe pepala lonse ndi dzanja, mayankho athunthu, osati mitu chabe. Nthawi yomwe mwatenga muichulukitse katatu. Uwu ndi muyeso wongoyerekeza, koma umathandiza: mukamaliza pa mphindi 33 mpaka 35, pepala lili bwino. Mukatenga mphindi 45, ana akufunika mphindi 135, ndipo muyenera kudula. Lembani nthawi ya gawo lililonse payokha kuti mudziwe podula. Kawirikawiri ndi pa mapu, ndipo chodula choyamba ndi funso la madigiri, malikisi ake awiri n'kupita ku funso lofewa lowerenga zizindikiro.

Mupatseni mphunzitsi mnzanu kapena mkulu wa dipatimenti pepalalo popanda mayankho. Akayankha funso mosiyana ndi inu koma yankho lake n'lomveka, funsolo lili ndi matanthauzo awiri. Muwapemphenso aone ngati funso lina silikuulula yankho la linzake. Zimachitika kuti yankho la chiperoni la mu Gawo A lalembedwa poyera m'mawu otsogolera funso la nyengo la mu Gawo C.

Mukachonga, musanabweze mapepala, tengani 30 mwa iwo, 10 apamwamba, 10 apakati ndi 10 apansi, mulembe malikisi a gawo lililonse. Ngati ngakhale ana apamwamba asiya gawo la malikisi 10 la chimangirizo lili losamaliza, pepala linatalika, ndipo chaka chamawa mapu adulidwe. Ngati chimangirizo chili chodzaza koma mapu ali opanda kanthu, nthawi inalipo koma luso ndi lomwe palibe, ndipo masabata oyamba a Fomu 4 ayambire pamenepo. Ngati funso lina la Gawo A apansi alikhoza kuposa apamwamba, bwererani ku mayankho ake anayi, chifukwa mwina awiri ndi olondola kapena chilembo cha m'ndondomeko yanu n'cholakwika. Funso lotero lichotseni powonkhetsa, muwerengere pa 99, ndipo mulembe cholakwacho pa pepala lomwe musunge mu fayilo ya dipatimenti.